Mwininkhani si wochita nthawi zonse: nkhani ya chingwe cha khola

Pamene ophunzira a Fomu 4 kuno ku Kasungu akukonzekera mayeso a MSCE, pali kachiganizo kamodzi komwe kamawagawa pawiri pa phunziro la malamulo a chiyankhulo: *Ng'ombe zinabedwa usiku.* Mwininkhani ndi uti? Ena amati ndi *ng'ombe*. Ena amakana kwamtuwagalu. Amati ng'ombezo sizinachite kanthu, zinangotulutsidwa m'khola, ndiye zingakhale bwanji mwininkhani pomwe kuyambira ku pulayimale tinaloweza kuti mwininkhani ndi amene akuchita ntchito?

Magulu onse awiri akuona choona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Mwininkhani ndi *ng'ombe* ndithu. Wochita ndi wakuba, yemwe chiganizocho sichinamutchule n'komwe. Tanthauzo lomwe tinaloweza lija limathandiza mwana wa Sitandade 5 chifukwa ziganizo zomwe amapatsidwa zimakhala zoti mwininkhani ndi wochita ndi munthu mmodzi: *Mayi akusinja chimanga.* Koma Chichewa chomwe timayankhula tsiku ndi tsiku chadzaza ndi ziganizo zomwe awiriwa amapatukana, ndipo kudziwa pomwe apatukira kumathandiza kupyola pa mayeso.

## Mafunso awiri pa dzina limodzi

Dzina lililonse m'chiganizo tikhoza kulifunsa mafunso awiri. Loyamba ndi la kamangidwe ka chiganizo: kodi dzinali lakhala pa malo ati, pa mwininkhani kapena pa pamtherankhani? Lachiwiri ndi la tanthauzo: pa zomwe zinachitikazo, chinthuchi chinali ndi gawo lanji? Ndicho chinachita, ndicho chinachitidwa, chinagwiritsidwa ntchito, kapena chinangomva?

Mayankho a funso lachiwirili ndi omwe akatswiri a semantiki, nthambi ya maphunziro a chiyankhulo yoona za matanthauzo, amawatcha maudindo a m'tanthauzo. Anayi odziwika kwambiri ndi awa. Wochita, yemwe m'mabuku amatchedwa ejenti, ndi amene amayambitsa ntchito mwa kufuna kwake. Wochitidwa, kapena kuti peshenti, si wodwala wa kuchipatala ayi, koma chinthu chomwe ntchitoyo yachigwera n'kuchisintha. Chida ndi chomwe wochita wagwiritsa ntchito. Womva ndi amene china chake chamufika m'maso, m'makutu, m'thupi kapena mumtima, iye osachitapo kanthu.

Umwininkhani uli ngati mpando wa tcheyamani wa komiti ya m'mudzi. Chaka chino pakhala mlimi, chaka chamawa mphunzitsi, chaka chinacho mzamba. Aliyense akakhalapo msonkhano umayang'ana kwa iye, koma mpandowo sumusandutsa mlimi kukhala mphunzitsi. Momwemonso wochita, wochitidwa, chida ngakhale womva, aliyense akhoza kukhala mwininkhani, udindo wake wa m'tanthauzo osasintha.

Nanga mwininkhani timamudziwa bwanji ngati si pofunsa kuti "akuchita ndani"? Apa Chichewa chinatikomera mtima, chifukwa mneni amaloza yekha. Kumayambiriro kwa mneni kumakhala mgwirizanitsi, kaphatikizo komwe kamatsatira gulu la dzina lomwe lili mwininkhani: *mnyamata anagwa, mtengo unagwa, khasu linagwa, chingwe chinagwa, ng'ombe zinagwa.* Mukakayika, sinthani dzina lomwe mukuliganizira, likhale lochuluka kapena la gulu lina. Mgwirizanitsi woyambirira wa mneni akasintha nawo, mwamupeza mwininkhani.

Osadalira kuti dzina lili kumayambiriro kwa chiganizo. Tikati *Chingwe anachidula mnyamata*, dzina loyamba ndi *chingwe*, koma mneni wayamba ndi *a-*, yemwe akuloza *mnyamata*. Kaphatikizo ka *-chi-* ka pakatiko ndi koimira pamtherankhani. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, katswiri wa ku Malawi konkuno yemwe anaphunzitsa zaka zambiri ku yunivesite ya California ku Berkeley, anasonyeza mu 1987 kuti kaphatikizo ka pamtherankhani kakakhalapo, mayina amamasuka: mwininkhani, mneni ndi dzina linalo akhoza kusanjidwa m'njira zonse zisanu ndi imodzi chiganizo osaonongeka. Ndiye malo okha si umboni wokwanira.

## Mlandu wa pa bwalo

Tiyerekeze nkhani yomwe aliyense wa ku Santhe kapena ku Chamama anaionapo. Ndi mwezi wa Okutobala, kuthengo kulibe msipu, chobiriwira chili kudimba kokha. Usiku ng'ombe zatuluka m'khola, zakalowa m'dimba la mnansi n'kudya chimanga chomwe chinali chitayamba kumasula. M'mawa apeza chingwe chomangira chitseko cha khola chili zidutswa ziwiri. Nkhani yafika kwa anyakwawa, ndipo pa bwalo pamveka ziganizo zinayi:

1. *Mnyamata anadula chingwe ndi chikwanje.*
2. *Chingwe chinadulidwa ndi mnyamata.*
3. *Chikwanje chinadula chingwe.*
4. *Chingwe chinaduka.*

Yambani ndi agwirizanitsi. M'chiganizo choyamba *a-* akuloza mnyamata. M'chachiwiri *chi-* akuloza chingwe. M'chachitatu mayina onse awiri ndi a gulu limodzi, ndiye tiyese kusintha: *Zikwanje zinadula chingwe*. Mneni wasintha potsatira chikwanje, choncho mwininkhani ndi chikwanje. M'chachinayi ndi chingwe. Ziganizo zinayi, eninkhani atatu osiyana.

Tsopano funsani za tanthauzo. Chingwe m'ziganizo zonse zinayi chili ndi gawo limodzi lomwelo: chinali chathunthu, pano chili pawiri. Ndi chochitidwa, kaya chakhala pamtherankhani ngati m'choyamba ndi m'chachitatu, kaya chakhala mwininkhani ngati m'chachiwiri ndi m'chachinayi. Mnyamata ndi wochita m'choyamba, ndipo ndi wochitabe m'chachiwiri ngakhale wakankhidwira kumapeto, kuseri kwa *ndi*. Chikwanje ndi chida m'choyamba, ndipo kukhala mwininkhani m'chachitatu sikunachipatse mtima wofuna kudula. Aliyense pa bwalopo akamva chiganizo chachitatu afunsa kuti, "Nanga chikwanjecho chinali m'manja mwa yani?"

Kuona zinthu motere si kwa dzulo. Panini, katswiri wa chiyankhulo cha Sanskrit ku India, anasiyanitsa maudindo asanu ndi limodzi otchedwa karaka zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo wochita, wochitidwa ndi chida anali m'gulumo. M'maphunziro amakono ganizoli linadzuka ndi Jeffrey Gruber mu 1965 ndi Charles Fillmore mu 1968. Chomwe onsewa anaona ndi chomwe taona pa chingwechi, kuti malo a dzina m'chiganizo amasinthasintha pomwe gawo lake m'chochitikacho lili chikhalire.

Kamawu ka *ndi* kamasokoneza ambiri, ndipo m'pofunika kukaima pang'ono. *Chingwe chinadulidwa ndi mnyamata* ndi *Chingwe chinadulidwa ndi chikwanje* zimaoneka zofanana ndendende, koma *ndi* woyamba akubweretsa wochita, wachiwiri chida. Umboni wake ndi woti mukhoza kuwaika onse awiri m'chiganizo chimodzi popanda kubwereza kanthu: *Chingwe chinadulidwa ndi chikwanje ndi mnyamata uja.* Koma simunganene kuti *Mnyamata ndi chikwanje anadula chingwe* ngati kuti awiriwo anathandizana monga anthu. Mayina a maudindo osiyana sakonda kulumikizidwa pa mpando umodzi.

Komanso si chida chilichonse chomwe chimatha kukhala mwininkhani. *Chikwanje chinadula chingwe* zikumveka. *Mwala unaswa mtsuko* zikumveka. Koma *Supuni inadya phala* sizimveka, pokhapokha mu nthano. Kusiyana kwake n'koti chikwanje ndi mwala ndi zomwe zimakhudza chinthucho n'kuchisintha, pomwe supuni imangothandiza munthu yemwe akudyayo. Kudya kwenikweniko kumachitika m'kamwa mwa munthu.

## Chinadulidwa kapena chinaduka

Apa ndi pomwe pali mnofu wa nkhaniyi. Ziganizo zachiwiri ndi zachinayi zili ndi mwininkhani mmodzi, *chingwe*, ndipo pawiri ponse ndi chochitidwa. Munthu wongoyang'ana mwininkhani anganene kuti n'chimodzimodzi. Koma pa bwalo palibe yemwe angalakwitse. Mwini dimba adzaumirira kuti, "Wawa, chingwecho chinadulidwa." Mwini ng'ombe adzati, "Iyayi achimwene, chinaduka."

M'kalasi timati woyambayo ndi msintho wochitidwa poyera, wa *-idwa* kapena *-edwa*, winayo wochitidwa m'chibisira, wa *-ka*, *-ika* kapena *-eka*. Kusiyana kwawo kuli pa wochita. Msintho wa *-idwa* umachotsa wochita pa mpando wa mwininkhani koma sumufafaniza. Ngakhale osamutchula, tanthauzo likunenabe kuti alipo wina anachita. Msintho wa *-ka* umamuchotseratu m'chiganizo. Umangonena momwe chinthu chakhalira, osalonjeza kuti pali dzanja la munthu.

Izi sizongomva m'khutu chabe, zikhoza kuyesedwa. Onjezani mawu oti *dala*. *Chingwe chinadulidwa dala* ndi Chichewa chabwinobwino, chifukwa alipo wobisika yemwe dala lakelo ndi lake. *Chingwe chinaduka dala* chikuseketsa, chifukwa palibe mwini cholinga, pokhapokha tikhulupirire kuti chingwe chili ndi maganizo. Onjezani cholinga: *Chingwe chinadulidwa kuti ng'ombe zituluke* zikumveka, pomwe *Chingwe chinaduka kuti ng'ombe zituluke* zikusowa yemwe anafuna kuti zituluke. Yesaninso mawu oti *chokha*. *Chinaduka chokha* ndiye kuti palibe anachikhudza. *Chinadulidwa chokha* sichingatanthauze zimenezo. Chimangonena kuti pa zingwe zonse, ichi chokha ndicho chinadulidwa. Ndipo simungatchule munthu pambuyo pa msintho wa *-ka*: *Chingwe chinaduka ndi mnyamata* sichiyenda.

Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango analemba za kusiyana kwa misintho iwiriyi m'Chichewa mu 1996, ndipo chimodzi mwa zomwe anasonyeza ndi zomwe zimachitika tikakana. Tengani *Munda sunalimidwe* ndi *Munda sunalimike.* Choyamba chikuti palibe anaikamo khasu. Chachiwiri chimalola kuti anthu anapita, anayesa, koma nthaka inali gwa, ntchito sinatheke. Kukana *-idwa* ndi kukana ntchito ya wochita. Kukana *-ika* ndi kukana zotsatira zake.

Pali chinthu chimodzi chomwe msintho wa *-ka* umalola kumbuyo kwa *ndi*. Timanena tsiku ndi tsiku kuti *denga lasasuka ndi mphepo*, *khoma lagumuka ndi mvula*. Mwini ng'ombe akhozanso kunena kuti chingwe chinaduka ndi mphepo ya usikuwo yomwe inkakankha chitseko. Mphepo si chida, chifukwa palibe anaigwira m'manja. Si wochitanso weniweni, chifukwa ilibe kufuna. Akatswiri ambiri amaipatsa udindo wakewake, wa mphamvu yoyambitsa chinthu popanda cholinga. Chichewa chimaona kusiyanaku: chimalola mphepo pomwe chimakana mnyamata.

Ndiye anyakwawa akamatuma nduna kuti ikatenge zidutswa za chingwe, kuti aone ngati nsonga zake zili zosalala ngati zodulidwa ndi chitsulo kapena zonyenyeka ngati zothetheka ndi dzuwa, akufufuza kuti mwa aneni awiriwa woona ndi uti.

## Womva: amene sanachite kanthu koma ali mwininkhani

Pa bwalo lomwelo paimirira mboni, mayi wina wokhala pafupi ndi dimba. "Wawa, ndinamva phokoso pakati pa usiku. Nditasuzumira ndinaona ng'ombe m'chimanga. Ndinachita mantha, ndimaganiza kuti ndi akuba."

Aneni onsewa ayamba ndi *ndi-* woimira woyankhulayo, kotero mwininkhani ndi mayiwo paliponse. Koma anachita zingati? Kusuzumira kokha. Anadzuka, anafuna, anaika diso pa zenera. Phokoso linangowafika m'makutu. Ng'ombe zinangowagwera m'maso. Mantha sanawaitane. Pa *kumva*, *kuona* ndi *kuchita mantha*, mayiwo ndi womva.

Chitsanzo cha mantha ndi chomwe chimagwetsa ophunzira ambiri, chifukwa mneni wake ndi *kuchita* weniweniyo. Mwana akafunsidwa kuti "akuchita ndani?" amayankha mosakayika kuti ndi mayi, ndipo amakhoza mwininkhani, koma pa chifukwa cholakwika. Timati *kuchita manyazi*, *kuchita nsanje*, *kuchita chidwi*, ndipo monsemu palibe ntchito yomwe munthu wagwira. Onani momwe nkhani yomweyo tingainenere m'njira zitatu: *Ndinachita mantha. Mantha anandigwira. Ndinagwidwa ndi mantha.* M'choyamba womva ndi mwininkhani. M'chachiwiri mwininkhani ndi *mantha*, ndipo womva watsikira pa kaphatikizo ka *-ndi-* ka pamtherankhani. M'chachitatu wabwereranso pa mpando. Zomwe zinachitika mumtima mwa mayiwo ndi zimodzi.

Chichewa chimakonda kwambiri kuika womva pa malo a pamtherankhani, makamaka pa za m'thupi: *mutu ukundipweteka*, *njala yandipha*, *tulo tandigwira*, *mtima ukundiwawa*. Tilinso ndi aneni oyenda awiriawiri omwe amatembenuza nkhani imodzi: *Mwana akuopa ng'ombe* ndi *Ng'ombe ikumuopsa mwana*, *Ndasangalala ndi chigamulo* ndi *Chigamulo chandisangalatsa*. Womva ndi yemweyo mbali zonse.

Njira yosiyanitsira womva ndi wochita ndi yomwe tagwiritsa kale ntchito. *Anamvetsera dala* zikutheka, *anamva phokoso dala* sizitheka. *Anayang'ana dala* zikutheka, *anamva njala dala* sizitheka. N'chifukwa chake tili ndi *kumva* ndi *kumvetsera*, *kuona* ndi *kuyang'ana*: oyambawo amafuna womva, achiwiriwo wochita. Chenjezo ndi loti mneni mmodzi akhoza kusintha malinga ndi chiganizo. Tikati "Taona kuno!" kapena "Ndikupita kukaona odwala", *kuona* wasanduka ntchito yochita mwa kufuna. Udindo sitimauwerenga pa mneni payekha ngati m'dikishonale, timauwerenga m'chiganizo chonse.

Taonaninso mbali inayo. Mu *Ndinaona ng'ombe*, dzina loti *ng'ombe* ndi pamtherankhani, koma kuonedwako sikunazisinthe kanthu. Zinapitiriza kudya osadziwa kuti wina akuziona. Sizili ngati chingwe chija. Choncho monga mwininkhani sakhala wochita nthawi zonse, pamtherankhani naye sakhala wochitidwa nthawi zonse.

Mwini dimba naye ali ndi chiganizo chake chomwe chikuonetsa udindo wina: "Ng'ombe zanu zandidyera chimanga." Msintho wa *-ir-* kapena *-er-* umabweretsa munthu yemwe ntchito yamupindulira kapena yamupweteka. Mu *Ndakulimira munda* wapindula, mu *zandidyera chimanga* waluza. Msintho womwewu umabweretsanso chida, malo kapena chifukwa: *chikwanje chodulira chingwe*, *anadyera m'dimba*, *anabera njala*. Kaphatikizo n'kamodzi, maudindo ndi angapo, ndipo womvera amawasiyanitsa podziwa momwe dziko limayendera.

## M'dimba munalowa ng'ombe

Pali kamangidwe kena komwe kanapangitsa kuti Chichewa chitchuke pakati pa akatswiri a ziyankhulo pa dziko lonse. Mboni ija ikhoza kunena kuti *Ng'ombe zinalowa m'dimba*, komanso ikhoza kunena kuti *M'dimba munalowa ng'ombe.* Yang'anani mneni wachiwiriyo. Wayamba ndi *mu-*, osati *zi-*. Akugwirizana ndi *m'dimba*. Sinthani malowo muone: *Kudimba kunabwera anthu. Pachipata panagwa mtengo.* Mgwirizanitsi akutsatira malo, ndiye kuti malowo ndiwo mwininkhani.

Apa tanthauzo loloweza lija lagweratu, chifukwa palibe anganene kuti dimba linachita kanthu. Ng'ombe, zomwe zinayenda ndi miyendo yawo, zili kumbuyo kwa mneni. Komabe sizili pamtherankhani wamba, chifukwa simungaziimire ndi kaphatikizo: *M'dimba munazilowa ng'ombe* si Chichewa.

Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva anafufuza kamangidweka mu 1989, ndipo chomwe anapeza chimamanga pamodzi zonse takambazi. Si mneni aliyense amalola kuti malo akhale mwininkhani. *M'dimba munalowa ng'ombe* zikutheka. *M'dimba munabzalidwa chimanga* zikutheka. Koma *M'dimba munadya ng'ombe chimanga* sizitheka. Iwo anafotokoza kuti maudindo ali ndi mndandanda wa ukulu: wochita pamwamba, kenako wochitiridwa, kenako wolandira kapena womva, kenako chida, kenako wochitidwa kapena chinthu chomwe chasuntha kapena chapezeka pamalo, ndipo malo pansi penipeni. Mwachizolowezi, udindo waukulu pa omwe mneni ali nawo ndiwo umakhala mwininkhani. Malo amatha kukwera pokhapokha ngati pamwamba pawo pali chinthu chosuntha kapena chochitidwa chokha, popanda wochita. Mu *kudya* muli wochita, ng'ombe, ndi chochitidwa, chimanga, ndiye mpata palibe. Mu *munabzalidwa* wochita wachotsedwa kale ndi msintho. Mu *munalowa* chiganizo chikuona ng'ombe ngati zinthu zomwe zatulukira pamalo, osati ngati zogwira ntchito.

Mndandandawu ukufotokozanso chifukwa chake tanthauzo la ku pulayimale limaoneka loona kawirikawiri. Wochita akakhalapo, ndipo mneni sanasinthidwe, iye ndiye amakhala mwininkhani. Ukufotokozanso chifukwa chake chikwanje chinakhala mwininkhani pokhapokha mnyamata atachoka m'chiganizo. Onse awiri ali pomwepo simunganene kuti *Chikwanje chinadula chingwe ndi mnyamata* n'kumatanthauza kuti mnyamatayo ndiye anachigwira.

## Pomwe malire amavuta

Maudindowa alibe mipanda yolimba, ndipo akatswiri sagwirizana kuti onse pamodzi alipo angati. Tiyerekeze kuti mnyamata uja wavomera: "Wawa, ndinkasadza nthambi pafupi ndi chitseko, chikwanje chinaphonya." Ndiye kuti *anadula chingwe mwangozi*. Kufuna panalibe, koma dzanja linali lake. Kodi ndi wochita? Nanga ng'ombe zomwe zinadya chimanga? Zinafuna kudya, zinayenda zokha, zinasintha chimangacho. Mwa tanthauzo ndi zochita ndithu, ngakhale palibe angaziitanire ku bwalo. Izi zikutikumbutsa kuti wochita wa m'chiganizo ndi wolakwa pa mlandu ndi zinthu ziwiri. Mwini dimba amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amasintha mneni n'kunena kuti, "Mwadyetsa ng'ombe zanu chimanga changa." Msintho wochititsa wa *-ets-* wabweretsa wochita wachiwiri pamwamba pa ng'ombe, ndipo ndi iyeyo yemwe akufunidwa kuti alipe.

David Dowty mu 1991 anapereka njira yothandiza pa zovuta zotere. M'malo mofunsa ngati dzina lili wochita kapena ayi, iye anati tiwerenge zizindikiro. Kodi linafuna? Kodi limamva kapena kuzindikira? Kodi ndilo linayambitsa kusintha kwa chinzake? Kodi linasuntha? Dzina lokhala ndi zizindikiro zambiri zotere ndilo limakhala mwininkhani wa mneni wosasinthidwa, ndipo lomwe lasinthidwa kapena kukhudzidwa kwambiri limakhala pamtherankhani. Mnyamata wodula dala ali nazo zonse zinayi. Wodula mwangozi wataya chimodzi. Mphepo ili ndi ziwiri, kuyambitsa ndi kusuntha. Womva ali ndi chimodzi chokha, kumvako, pomwe chomuopsacho chilinso ndi chimodzi, kuyambitsa. Ndipo poti awiriwa akufanana mphamvu, n'zosadabwitsa kuti aneni a za mumtima ndi omwe amapezeka mbali zonse ziwiri, *kuopa* uku, *kuopsa* uko.

Mgwirizanitsi nayenso ali ndi polekezera. Mu *Ng'ombe inagunda mbuzi* mayina onse ndi a gulu limodzi, ndipo *i-* akhoza kuloza lililonse. Pamenepo timadalira kasanjidwe ka mawu, kapena timachulukitsa dzina limodzi monga tinachitira ndi zikwanje.

## Kumva zomwe chiganizo chasiya

Kwa mphunzitsi, chomwe ndingapemphe n'chakuti mafunso awiri aja azifunsidwa padera. "Mneni akugwirizana ndi dzina liti?" apeze mwininkhani. "Dzinali lachita, lachitidwa, lagwiritsidwa ntchito kapena lamva?" apeze udindo. Mwana wozolowera kufunsa kawiri sangadodome ndi *mutu ukundipweteka* kapena *kumudzi kwagwa maliro*.

Kwa tonsefe, phindu lake lili pomvera nkhani. Pa msonkhano wa kalabu ya alimi a fodya kapena wa banki m'khonde mukhoza kumva kuti *ndalama zasowa*, *ndalama zasokonekera*, *ndalama zabedwa*, kapena *wina watenga ndalama*. Ziganizo zitatu zoyambazo zili ndi mwininkhani mmodzi, koma sizikunena zofanana. *Zasowa* ndi *zasokonekera* zilibe wochita. *Zabedwa* chili naye koma sichinamutchule. Chomalizacho chamuika poyera, kungotsala dzina. Kusankha chimodzi mwa izi sikutanthauza kuti woyankhulayo akubisa. Mwina sakudziwadi yemwe anachita, mwina nkhani ikadafufuzidwa ndipo sakufuna kunamizira munthu, mwinanso palibedi anachita, kabuku kanangolembedwa molakwika. Atolankhani amalemba kuti *munthu waphedwa* apolisi asanagwire aliyense pa chifukwa chomwechi. Koma womvera wozindikira amadziwa funso loyenera pa chiganizo chilichonse. Akamva *zabedwa* afunse kuti "ndi yani?" Akamva *zasokonekera* ayambe wafunsa ngati zinasokonekera zokha kapena zinasokonezedwa, chifukwa funso loti "ndi yani" silinafike.